Geti lokhoma la ku Village Deep: kodi ntchito yoipa iposa kusowa ntchito?

Pa 12 Novembala 2019, apolisi pamodzi ndi oyendera malo a ntchito a boma la South Africa analowa m'fakitale ina ya ku Village Deep, mu mzinda wa Johannesburg. Kampaniyo dzina lake linali Beautiful City, ndipo inkagaya zovala zakale n'kupanga thonje loika m'kati mwa mabulangete. M'katimo anapezamo Amalawi 91, ndipo 37 mwa iwo anali ana. Mlandu unatenga zaka zoposa zisanu. Mu Febuluwale 2025 khothi lalikulu la ku Johannesburg linapeza nzika zisanu ndi ziwiri za ku China zolakwa pa milandu yozembetsa anthu, kugwiritsa ana ntchito ndi kuphwanya malamulo a ntchito. Mu Sepitembala chaka chomwecho aliyense analamulidwa kukakhala kundende zaka 20, ndipo kampaniyo inalipitsidwa chindapusa cha marandi 300,000.

Ife a ku Dedza nkhani imeneyi sitingaione ngati ya kutali. Mseu wopita ku Joni umadutsa pachipata chathu chomwechi, n'kulowera ku Tete, kudutsa Zimbabwe mpaka ku Beitbridge. Ku Bembeke, ku Linthipe kapena kwa Chimbiya n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mnyamata amene anakwera basi kukasaka ntchito kumeneko. Ndipo nkhani ngati iyi ikamveka, sipalephera kupezeka munthu wanzeru zake ndithu amene amati: "Zoipa n'zoipa, koma kumudzi kuno akanadya chiyani? Walira mvula walira matope." Mawu amenewa sindikufuna kuwanyoza. Ndikufuna kuwayesa ndi njira ziwiri zoweruzira chabwino ndi choipa zimene timaphunzira m'kalasi, chifukwa ndikukhulupirira kuti mlandu wa Village Deep ukuonetsa poyera pamene njira iliyonse imagwira ntchito ndi pamene imathera.

Njira ziwiri zoweruzira

Njira yoyamba ndi imene m'mabuku amaitcha yutilitariyanizimu, yomwe anaifotokoza kwambiri Angerezi awiri, Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill. Ine ndiziitcha njira ya sikelo. Imati chochita chabwino ndi chimene chimabweretsa ubwino wochuluka ndi mavuto ochepa kwa anthu onse amene chikuwakhudza. Mbali imodzi ya sikelo mumaikako chisangalalo, kukhuta, thanzi ndi mtendere wa mumtima. Mbali inayo mumaikako ululu, njala ndi mantha. Munthu aliyense amawerengedwa kamodzi, bwana ndi wantchito chimodzimodzi.

Njira yachiwiri ndi ya ufulu. Imati pali zinthu zimene simuyenera kumuchitira munthu ngakhale mutawerengera n'kupeza kuti anthu ambiri apindula. Immanuel Kant, wa ku Jeremani, anaphunzitsa kuti munthu sayenera kusandutsidwa chida chabe chokwaniritsira zofuna za wina. Malamulo athu aakulu anayenda m'njira yomweyi: gawo 27 limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, ndipo gawo 31 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera.

Zimene zinkachitika m'fakitale muja zinali izi, malinga ndi zimene boma la South Africa linanena ndi zimene zinamveka m'khothi. Anthu ankagwira ntchito maola 11 pa tsiku, masiku onse asanu ndi awiri a sabata. Ankalandira marandi 65 pa tsiku. Ankayendetsa makina popanda kuphunzitsidwa bwino ndiponso popanda zovala zodzitetezera. Malowo anali otchingidwa ndi mpanda, pali alonda, ndipo antchito sankaloledwa kutuluka. Boma linadziwa za fakitaleyi chifukwa wantchito mmodzi anathawa n'kukanena.

Sikelo m'manja mwa woikira kumbuyo fakitale

Tiyambe tamupatsa mpata wotsutsana nane kuti anene mfundo yake mwamphamvu. Iye akuti tiyerekeze marandi 65 ndi zimene mnyamata wa ku Dedza amapeza m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mbatata ya kachewere isanakumbidwe, ganyu akusowa, ufa utatha m'nyumba. Poyerekeza ndi kusapeza kanthu, marandi 65 ndi ndalama. Ikafika kumudzi imagula thumba la feteleza kapena kulipirira mlongo sukulu. Ogula mabulangete nawo amapeza zofunda zotchipa m'nyengo yozizira. Eni fakitale amapindula. Mukatseka fakitaleyo, anthu 91 abwerera ku umphawi umene anauthawa. Mfundo ya mtundu umenewu si ya pabawo pokha. Katswiri wa zachuma Paul Krugman analemba m'chaka cha 1997 kuti ntchito za malipiro otsika m'mafakitale a maiko osauka zimaposa kusowa ntchito, ndiponso kuti maiko a ku Asia amene anatukuka anadutsa momwemo.

Mfundoyi ili ndi choona m'kati mwake. Umphawi wa kumudzi ndi weniweni, ndipo amene amanyoza ntchito ya m'fakitale ali wokhuta ayenera kukumbukira kuti njala nayonso imapha. Komabe sikeloyo yaikidwa mopendekera pa zifukwa ziwiri.

Choyamba, yayerekeza zinthu ziwiri zokha, fakitale monga inalili ndi kusowa ntchito, ngati kuti panalibe njira yachitatu. Koma njira ya sikelo yeniyeni imafuna kuti muyese zochita zonse zimene zinali zotheka, kenaka musankhe yabwino koposa. Njira yachitatu inalipo: fakitale yomweyo, makina omwewo, koma geti lotsegula, zotchingira makina, tsiku lopuma ndi malipiro a lamulo.

Tiwerengere. M'chaka cha 2019 malipiro otsikitsitsa ololedwa ku South Africa anali marandi 20 pa ola. Munthu wogwira maola 11 ankayenera kulandira marandi 220 pa tsiku, tisanawerengere n'komwe ndalama yoonjezera ya maola opyola. Ankalandira 65, kutanthauza kuti pa ola ankapata marandi osakwana 6. Kusiyana kwake ndi marandi 155 pa munthu pa tsiku. Ngati titenga kuti onse 91 ankalipidwa chimodzimodzi, ndalama imene inkatsala m'thumba la kampani tsiku lililonse ndi marandi 14,105. Pa masiku 30 ndi marandi oposa 423,000. Muone pamenepa kuti chindapusa cha marandi 300,000 chija chikufanana ndi zimene kampani inkasunga m'milungu itatu yokha.

Tsono njira ya sikelo ili ndi lamulo limene oikira kumbuyo mafakitale amakonda kuliiwala. Randi imodzi siilemera mofanana m'manja mwa aliyense. Marandi 155 kwa mwini kampani ndi chakudya chamasana ku lesitilanti, pamene kwa mnyamata amene akutumiza ndalama kumudzi ndi kusiyana kwa kugona ndi njala ndi kugona atadya. Choncho kuchotsa ndalamayo kwa wosauka n'kuipereka kwa wolemera kumachepetsa ubwino wa onse mukauphatikiza. Bentham yemwe akanawerengera, akanapeza kuti Beautiful City inkaononga ubwino wochuluka kuposa umene inkapanga poyerekeza ndi fakitale yotsata lamulo.

Chachiwiri, sikeloyo yawerenga ndalama zokha n'kuiwala thupi. Maola 77 pa sabata, pamene lamulo la kumeneko limaika maola 45 ndi oonjezera osapitirira 10, amatopetsa munthu mpaka manja ake amayamba kuchedwa, ndipo makina ogaya nsalu sadikira dzanja lochedwa. Tiyerekeze mnyamata wa zaka 20 amene wataya zala zitatu. Phindu la marandi 65 analilandira miyezi ingapo, koma khasu adzalephera kuligwira bwino zaka makumi anayi. Kwa ana 37 aja, chaka chilichonse chimene anakhala m'fakitale ndi chaka chimene sanali m'kalasi, ndipo mtengo wa chaka chimenecho amaulipira moyo wawo wonse.

Pali kafukufuku amene anayesa funsoli mwachindunji. Akatswiri awiri, Christopher Blattman ndi Stefan Dercon, anatsata anthu pafupifupi 1,000 amene ankafunsira ntchito m'makampani asanu ku Ethiopia. Anachita maere kuti ena alembedwe ntchito, ena ayi. Patatha chaka, amene analembedwa sankapeza ndalama zoposa anzawo aja, ambiri anali atasiya ntchitoyo, ndipo mavuto aakulu a thanzi anali ochuluka pakati pawo. Choncho mawu akuti ntchito ya m'fakitale nthawi zonse iposa za kumudzi ndi chinthu choyenera kuyesedwa, osati kungovomerezedwa.

Pamene sikelo ikuthera

Mpaka pano zikuoneka ngati njira ya sikelo yokha yakwanira kuweruza mlanduwu. Koma taonani mmene chigamulo chake chakhalira. Chatsamira pa manambala, ndipo manambala amasintha. Akatswiri a ku Ethiopia aja atabwereranso patatha zaka zisanu, anapeza kuti kusiyana kwa magulu aja, pa ndalama ndi pa thanzi pomwe, kunali kutazilala. Woyeza pa chaka chimodzi ndi woyeza pa zaka zisanu angapereke zigamulo zosiyana pa fakitale imodzimodziyo.

Tiyeni tisinthe manambala a Village Deep dala. Tiyerekeze kuti eni ake ankalipira marandi 300 pa tsiku, chakudya chinali chabwino, palibe amene anavulala, koma geti linali lokhomabe ndipo munthu sankatha kuchoka. Tiyerekezenso kuti mabulangete otchipawo anapulumutsa ana ambirimbiri ku chibayo. Sikelo ikhoza kupendekera kwa kampani tsopano. Kodi pamenepo kukhomera anthu 91 m'mpanda kwasanduka chinthu chabwino? Ambiri a ife timakana msangamsanga, ndipo sitikana chifukwa chakuti tawerengera bwino. Timakana chifukwa tikuona kuti funso la geti si la pa sikelo.

Apa mpamene pagona mfundo yanga yaikulu. Woikira kumbuyo fakitale ali ndi umboni umodzi wokha wamphamvu wakuti ntchitoyo iposa kumudzi: anthuwo anaisankha okha, ndipo akupitiriza kuisankha m'mawa uliwonse. Iye sanalowe m'mitima yawo kukayeza chisangalalo. Akudalira mapazi awo, kuti pokhala sanachoke ndiye kuti akuona phindu. Koma mukakhoma geti n'kuikapo mlonda, mwafafaniza umboni womwewo. Munthu amene sangathe kuchoka, kukhala kwake sikukuuzani kanthu. Ndiponso bwana amene akudziwa kuti ntchito yake iposa zina zonse zimene antchito angapeze alibe chifukwa chogulira loko. Lokoyo ndi kuvomereza kwa bwana mwini kuti geti likanatseguka anthu akanapita. Ku Ethiopia kuja ambiri anasiya ntchito chisanathe chaka chifukwa anali ndi ufulu wosiya. Ku Village Deep amene anachoka anachita kuthawa.

Tikatero tikuona kuti ufulu wochoka si chinthu chimodzi mwa zinthu zoikidwa pa sikelo. Ndiwo umene umachititsa kuti sikeloyo ikhulupirike. Chimodzimodzinso ndi ana. Mwana wa zaka 14 akati ndavomera, kuvomera kwake sikungakhale umboni, pakuti sanafike poyeza zaka makumi anayi za m'tsogolo ndi marandi a lero. N'chifukwa chake lamulo silifunsa ngati mwanayo anafuna.

Wina anganene kuti anthuwa analowa m'dzikomo popanda mapepala, ndiye ufulu autenga kuti? Njira ya ufulu imayankha kuti ufulu wosakhala kapolo suchokera pa chidindo cha pa pasipoti. Makhothi a ku South Africa anavomereza zimenezi kale. M'chaka cha 2008, pa mlandu wokhudza kampani ya Discovery Health, khothi la zantchito linagamula kuti mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo malamulo a ntchito amamuteteza. Kusowa mapepala sikuchotsa ufulu, koma kumachotsa kulimba mtima kokaudandaula, ndipo mabwana a mtundu uwu amadziwa zimenezi bwino lomwe. Amasankha dala munthu amene akuopa wapolisi kuposa mmene akuopera makina.

Pamene ufulu ukufuna thandizo

Ndikanalekera pamenepa, nkhaniyi ikanakhala yophweka mopitirira. Njira ya ufulu nayo ili ndi malire ake, ndipo amaoneka m'mawa wa tsiku lotsatira. Fakitale yagwidwa, mabwana amangidwa, ufulu walemekezedwa. Nanga anthu 91 aja adya chiyani? Njira ya ufulu imanena momveka chimene sichiyenera kuchitika, koma payokha siikuuzani chochita pakati pa njira zingapo zimene zonse n'zololedwa. Mukhoza kutseka fakitale n'kubweza anthu onse kwawo chimanjamanja. Mukhoza kulanda katundu wa kampani n'kulipira antchito ndalama zawo zonse zotsala pamodzi ndi chipepeso cha ovulala. Mukhoza kuteteza mboni kuti zisathamangitsidwe m'dziko mlandu usanathe. Zonsezi zimathetsa ukapolo, koma zotsatira zake pa miyoyo ya anthu n'zosiyana kutalitali.

Posankha pakati pa njira zimenezi, sikelo ija ikufunikanso. Ndiyo imene imafunsa kuti: ngati wantchito aliyense wopanda mapepala aona kuti wokanena amabwezedwa kwawo wopanda kanthu, ndani adzathawenso kukanena? Fakitale yotsatira idzakhala yobisika kuposa iyi. Ndiyo imene imafunsanso za chilango. Mwini fakitale wina amene akuwerengera phindu lake amaona zinthu ziwiri, kukula kwa chilango ndi mwayi woti agwidwe. Zaka 20 kundende n'chilango choopsa, koma ngati kugwidwa kukudalira kuti munthu mmodzi adumphe mpanda, ndipo mlandu ukutenga zaka zisanu, ambiri adzaona kuti ndi bwino kuyesa mwayi. Woyendera malo a ntchito amene amafika mosayembekezereka kawiri pa chaka angateteze anthu ambiri kuposa chigamulo chimodzi chachikulu.

Palinso malo ena amene ufulu suyankha ndi nambala. Gawo 31 likunena za malipiro oyenera, koma silinena kuti ndi ndalama zingati. Kukweza malipiro otsikitsitsa mopitirira kukhoza kutseketsa mafakitale ang'onoang'ono, ndipo kuwasiya pansi kumasiya antchito pa njala. Pamenepa anthu oona mtima akhoza kusiyana maganizo, ndipo oweruza ake ndi manambala. Choncho m'fakitale muja munali zinthu zitatu zosafanana. Mlingo wa malipiro ndi wokambirana, ngakhale kuti marandi 65 anali kutali ndi mlingo uliwonse wokambirana. Chitetezo cha pa makina chili pakati: palibe ntchito yopanda ngozi konse, koma kubisira munthu ngozi imene inu mukuidziwa n'kumutenga ngati chida. Geti lokhoma ndi ntchito ya ana sizikambidwa n'komwe.

Zimene mlanduwu ukutiuza kuno kwathu

Ndiye maganizo anga ndi awa. Ufulu ndiwo uyenera kuyamba, kuti unene zimene siziikidwa pa sikelo. Sikelo ibwere pambuyo, kuti isankhe njira yabwino mwa zimene zatsala. Amene amayamba ndi sikelo amatha kupezeka akuwerengera mtengo wa loko. Amene amakana sikelo kotheratu amatha kumasula anthu n'kuwasiya panjira.

Nkhaniyi tisaisandutse ya mtundu wa anthu. Olakwa pa mlanduwu anali ochokera ku China, koma loko alibe mtundu, ndipo pa njira yonse yochokera kuno kukafika ku Joni pamakhala anthu a maiko athu omwe amene amalonjeza ntchito yabwino n'kulandira yawo. Dziko lathu lili ndi lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015, lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito la 1997, ndi lamulo la zolembana ntchito la 2000 limene limaika maola 48 pa sabata. Malamulo amenewa amagwira ntchito pa macheka a matabwa, pa chigayo, pa malo ophwanya miyala ndi m'mafakitale a ku Kanengo ndi ku Makata chimodzimodzi.

Mafunso amene mlanduwu watiphunzitsa angafunsidwe pa malo ena alionse a ntchito, ndipo ali ndi dongosolo lake. Loyamba: kodi munthu angachoke lero atafuna, atatenga chiphaso chake ndi malipiro a masiku amene wagwira? Lachiwiri: kodi pali mwana? Lachitatu: kodi wantchito anauzidwa zoona za ngozi ya makinawo, ndipo akavulala amalipira ndani? Ngati yankho la limodzi mwa atatuwa ndi loipa, palibe chowerengera, pakuti chimene chikufunika ndi kuletsa. Mayankho onse atatu akakhala abwino, pamenepo mpamene tingakhale pansi ndi woikira kumbuyo fakitale uja n'kukambirana naye za malipiro, za mtengo wa mabulangete ndi za njala ya mu Febuluwale, ndipo pa zokambirana zimenezo akhoza kutigonjetsa pa mfundo zina.

Mbale wathu akamanyamuka ulendo wa ku Joni timakonda kumufunsa kuti akalandira zingati. Funso loyenera kuyamba ndi lina: kodi ku malo amene mukupitako, achimwene, kiyi wa geti amasunga ndani?